Zikang'a zosapweteka ndi zimene zimandiopsa

Mwezi wa Juni ukalowa, mphepo ya mwera n'kuyamba kuomba, zidendene za anthu ambiri zimayamba kutuwa mbuu. Pofika Okutobala, fumbi litachuluka ndipo nthaka ikuotcha, kutuwa kuja kumakhala kutasanduka ming'alu, ina yoti mpaka imakola bulangete usiku. Anthu timangoti ndi zikang'a, ndipo timazinena moseka ngati chizindikiro cha umve kapena chimidzi. Pa ntchito yanga yaunamwino ndaona mapazi ambiri, a alimi, a aphunzitsi, a mabwana oyenda pa galimoto, ndipo zikang'a sizisankha. Ena mwa anthu amene zimawavuta kwambiri ndi aja aukhondo zedi, amene amakwecha mapazi ndi mwala m'mawa ndi madzulo omwe.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi mmene khungu la kunsi kwa phazi linapangidwira. Khungu la kumaso, la pamsana ndi la m'mutu lili ndi tizigawo timene timatulutsa mafuta achilengedwe, n'chifukwa chake nkhope imanyezimira masana ngakhale simunadzole. Kunsi kwa phazi ndi m'chikhatho mulibe tizigawo timeneti. Chimene chimafewetsa khungu la kumeneko ndi thukuta basi, komanso chinyezi chimene khungulo limatha kusunga palokha. Tsono chilichonse chimene chingachepetse thukuta kapena kuumitsa chinyezicho chimasiya chidendene chili gwa. Mfundo ya thukutayi muisunge, chifukwa ndi imene imalumikiza zikang'a ndi matenda akuluakulu.

Kuuma pakokha sikung'ambitsa khungu. Pamafunikanso kulemera. Pansi pa fupa la chidendene pali mnofu wa mafuta umene umalandira thupi lonse munthu akaponda. Mukaponda, mnofuwo umaphwatalala n'kutukumukira m'mbali, ndipo khungu la m'mphepete liyenera kutamuka kuti liulandire. Khungu lofewa limatamuka n'kubwerera. Khungu limene lakhuthala n'kuuma silitamuka, limangosweka. Mukapsinja tomato wakupsa patebulo ndi chikhatho, sang'ambika pamene mwagwirapo koma m'mbali, ndipo chidendene chimachitanso chimodzimodzi. Mukayang'ana zikang'a zanu muona kuti zili m'mphepete mwa chidendene, zoima kuchokera pansi kupita m'mwamba, osati pakati pamene mumapondera.

Apa ndi pamene mapatapata amalakwira. Nsapato yotseka kumbuyo imagwira mnofu uja kuti usatukumukire m'mbali kwambiri, komanso imasunga thukuta. Patapata alibe chogwira, amasiya chidendene pamphepo ndi pafumbi, ndipo pa sitepe iliyonse amamenya chidendenecho kuti phwa, zimene zimachititsa khungu kukhuthala podziteteza. Mukawonjezera kuima tsiku lonse pa simenti, thupi lolemera, ndi zaka, popeza khungu la munthu wamkulu limauma msanga kuposa la mwana, mwapeza zifukwa za zikang'a zambiri zimene ndimaona. Chotsala ndi sopo. Amayi amene amachapa ataima m'madzi a sopo wa ufa, kapena kukolopa osavala nsapato, amakhala akusungunula timafuta tochepa timene timamata khungu lakunja. Madziwo akauma, phazi limauma kuposa mmene linalili lisananyowe.

Nkhani ya mwala ndi lezala

Mwala wokwechera mapazi sindikuuletsa, koma mmene timaugwiritsira ntchito ndi mmene pamakhala vuto. Khungu la kuphazi likamakhulidwa mwamphamvu limayankha pokhuthala. Munthu amene amakwecha mpaka chidendene chifiire tsiku ndi tsiku amasangalala kwa maola ochepa poona pali see, koma akuuza thupi lake kuti pamenepa pakufunika chishango chochindikala. Sabata yotsatira khungu limabwera lolimba kuposa kale, iye n'kuwonjezera mphamvu. Mwala umafunika kawiri kapena katatu pa sabata, pa khungu limene lanyowa kale n'kufewa, ndipo muzisiya khungu lisanafiire. Cholinga ndi kuchepetsa milomo yolimba ya mng'aluwo pang'onopang'ono, chifukwa mng'alu umene milomo yake ili yochindikala umayasamuka nthawi iliyonse mukaponda ndipo sungalumikizane.

Lezala ndiye ayi. Ndikudziwa kuti imafulumira, ndipo anthu ena ali ndi luso lenileni lomasenga khungu lawo atakhala pakhonde. Koma malire a khungu lakufa ndi lamoyo saoneka bwino munthu utapinda mwendo n'kumasuzumira chidendene chako chomwe, ndipo lezala ikalowa pang'ono chabe mwatsegula chilonda pamalo amene aponde fumbi mawa lake. M'nthaka ndi mmene mumakhala tizilombo ta kafumbata. Kuchipatala khungu lokhuthala timalisenga ndithu ndi kampeni, koma kamakhala kowiritsidwa kapena katsopano, ndipo wosengayo akuona bwino pamene akudula.

Pali zinanso zimene anthu amandiuza akamasuka: oyilo wakuda wa galimoto, kandulo wosungunula wosakaniza ndi palafini, guluu womatira nsapato wothira mu mng'alu. Palafini amasungunula mafuta a pakhungu n'kuliotcha, oyilo wogwira kale ntchito ali ndi zinyalala za mu injini, ndipo guluu akathiridwa mu mng'alu wakuda amatsekera tizilombo mkati. Maganizo a kandulo ndi olondola pang'ono, chifukwa munthuyo akufuna chophimba khungu kuti lisaume, koma vaselini amachita ntchito yomweyo popanda kuwononga.

Kudzola kumene kumagwira ntchito

Dandaulo limene ndimamva kwambiri ndi lakuti, "Anesi, vaselini ndimadzola tsiku lililonse koma palibe chikusintha." Ndikafunsa nthawi imene amadzola, yankho limakhala lakuti m'mawa popita ku ntchito, atavala kale, phazi litauma. Vaselini alibe madzi ndipo salowetsa madzi m'khungu. Ntchito yake ndi kuphimba kuti madzi amene alimo kale asatuluke. Mukamupaka pa chidendene chouma mwaphimba chinthu chouma, ndipo mukangotuluka panja ndi mapatapata, fumbi limamatirira pamenepo n'kulowa m'ming'alu. Nthawi ya vaselini ndi usiku, khungu likadali lonyowa.

Ndondomeko imene ndimapatsa anthu opanda matenda ena ndi iyi. Madzulo ntchito zonse zikatha, viikani mapazi m'beseni la madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi 10 kapena 15. Kupitirira apo khungu limachita makwinya n'kufooka. Sopo akhale wochepa, wosambira osati wochapira. Ngati ndi tsiku la mwala, kwechani mopepuka m'mphepete mwa chidendene. Kenako pukutani ndi nsalu, makamaka pakati pa zala pamene payenera kuuma ndithu, koma chidendene chisiyeni chili ndi kachinyezi. Musadikire kuti mukadzola mukamaliza kutsuka mbale. Pa mphindi ziwiri kapena zitatu zoyambirira, pakani mankhwala okoka madzi kuti akhale m'khungu, monga gilisalini, kenako vaselini wochuluka pamwamba, n'kuvala masokosi a thonje mpaka m'mawa. Masokosi amateteza zofunda, komanso amachititsa kuti mafutawo akhale pakhungu usiku wonse m'malo mothera pa mkeka. Pakati pa zala musapakepo kanthu, chifukwa pamenepo pamanyowa kale ndipo mafuta amangoitana mafangasi.

Okoka madzi amene amapezeka mosavuta ndi gilisalini, yemwe uja wa m'timabotolo ting'onoting'ono m'magolosale. Amamata kwambiri akakhala yekha, ndiye ndi bwino kumusakaniza ndi madzi oyera pang'ono m'chikhatho musanapake. Kwa munthu amene chidendene chake changotuwa, kapena ming'alu ndi yapamwamba chabe, gilisalini ndi vaselini amakwanira.

Khungu likakhuthala kwambiri, loti mukaligogoda ndi chikhadabo limalira, pamafunika mafuta okhala ndi yureya. Dzinalo ndi lomwe lija la pa thumba la feteleza wobereketsa, ndipo mukaliona pa chubu ku famase musadabwe, ndi mankhwala amodzimodzi koma oyeretsedwa ndi kuyezedwa kuti agwirizane ndi khungu. Yureya amapezekanso mwachilengedwe m'khungu lathu ndi m'thukuta. Wa kumunda uja musamuyese pa phazi, chifukwa simungadziwe mphamvu yake ndipo sanakonzedwere thupi la munthu. Chofunika kuyang'ana pogula ndi nambala ya peresenti. Mafuta a 10 peresenti amangofewetsa ndi kusunga chinyezi. A 20 mpaka 25 peresenti, amene amagulitsidwa kawirikawiri ngati mafuta a zidendene, amafewetsanso khungu lokhuthala lija mpaka lizichoka lokha posamba. A 40 peresenti ndi amphamvu kwambiri, ndipo ndi oyenera pa khungu lochindikala lokhalokha kwa nthawi yochepa, wachipatala atakuuzani. Chubu chimene sichinalembe nambala iliyonse nthawi zambiri chimakhala ndi yureya wochepa, ngakhale chithunzi cha phazi pa chikutocho chikongole bwanji.

Yureya amapakidwa kawiri pa tsiku, m'mawa pang'ono ndi usiku pansi pa vaselini. Akalowa mu mng'alu wotseguka amalasa ngati tsabola, ndiye pakani mozungulira, pa milomo yolimba ija, ndipo mkati mwa mng'alumo muikemo vaselini yekha. Mng'alu umene ukutuluka magazi ndi chilonda, ndipo usamalidwe ngati chilonda. Utsukeni ndi madzi owiritsa atazirala okhala ndi mchere pang'ono, supuni yaing'ono yosadzaza kwambiri pa theka la lita, pakani vaselini, kokerani milomo pamodzi n'kumata pulasitala mopingasa kuti isayasamuke poyenda. Pulasitalayo muzisintha tsiku lililonse.

Masana ndi pamene ambiri amagwetsera ntchito ya usiku. Ngati mubwerera ku mapatapata omwe aja, aja odyeka kumbuyo oti theka la chidendene limaponda pansi, mnofu uja upitiriza kukankha khungu ndipo mng'alu utseguka mwatsopano. Kwa masabata ochepa amene mukuchiza, valani nsapato yotseka kumbuyo ndi masokosi, ngakhale itakhala ya pa kaunjika. Ndikudziwa kuti mu Okutobala kuuza munthu kuti avale masokosi kuli ngati kumulanga, koma pa zonse zimene ndatchulazi, nsapato ndi imene imasiyanitsa amene achira ndi amene abwerenso ndi dandaulo lomwelo.

Kupweteka kumachepa pa masiku ochepa. Khungu lenileni limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthike, ndipo la kuphazi, pokhala lochindikala, limachedwerapo. Choncho muyezo wanga ndi masabata anayi. Munthu amene wachita zonsezi mokhulupirika kwa masabata anayi koma palibe kusintha, vuto lake si kuuma wamba, ndipo kugula mafuta ena okwera mtengo ndi kutaya ndalama.

Kawirikawiri chobisala pamenepo chimakhala mafangasi, a mtundu womwe uja umene umayambitsa chipere. Timawadziwa akakhala pakati pa zala, pamene pamayabwa n'kuyera ngati pavunda, koma ali ndi maonekedwe ena amene amanamiza anthu. Kunsi konse kwa phazi kumatuwa ndi timamba tosalala ngati mwathira ufa m'mizere ya khungu, ndipo kutuwako kumakwera m'mbali mwa phazi n'kuthera pa mzere wooneka bwino. Nthawi zambiri zikhadabo za kuphazi zimakhala zitakhuthala n'kusintha mtundu, ndipo phazi limodzi likhoza kukhala loipa kuposa linzake. Kuuma kwa nyengo kumagwira mapazi onse mofanana, ndiye phazi limodzi likasiyana ndi linzake ndimayamba kukayika. Mankhwala opaka monga kulotirimazo, kapena mafuta a Whitfield amene akhala m'zipatala zathu kuyambira kale, amafuna masabata anayi osadumphitsa, ndipo mtundu wa kunsi kwa phaziwu nthawi zambiri sumva opaka okha, umafuna mapiritsi olembedwa ndi dokotala, makamaka zikhadabo zikagwidwa. Choopsa ndi timachubu tija ta mankhwala oletsa kuyabwa, monga betametazoni, timene anthu amagula pa msika. Kuyabwa kumaleka, munthu n'kuyamikira, koma mafangasi amafalikira mwakachetechete.

Palinso matenda a khungu lenileni amene amakhuthalitsa zikhatho ndi mapazi pamodzi, ndipo amafuna wodziwa za khungu. Chithokomiro chikafooka, khungu la thupi lonse limauma, munthu amamva kuzizira anzake akumva kutentha, amatopa, amanenepa osadya kwambiri ndiponso amadzimbidwa. Zimenezi zimadziwika poyeza magazi. Koma zimene ndikufuna kukhalapo nthawi ndi zina.

Phazi losamva

Mayi wina wa zaka za m'ma 50, wogulitsa ndiwo zamasamba pa msika, anabwera kudzayezetsa kuthamanga kwa magazi. Za mapazi sanabwerere. Atakhala pa benchi ndinaona kuti patapata wake wa kumanja ali ndi banga lakuda kumbuyo, ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ndi magazi ouma. Ndinawapempha kuti avule.

"Aaa, anesi, zisiyeni izo, ndi zikang'a chabe. Chaka chatha zinkandipweteka koopsa, moti ndinkayenda chonyang'ama. Panopa zinasiya, ndiye kuti zikupola."

Chidendene chinali ndi ming'alu ingapo, koma umodzi wa chakunja unali wakuya, m'mbali mwake motupa ndi mofunda, ndipo nditasindikiza pang'ono munatuluka timafinya. Mayiwo ankangondiyang'ana nkhope ili phee. Munthu wa mitsempha yabwino akanalumpha. Phazi lonse linali louma ngati silinatulukepo thukuta, chikhalirecho anali atayenda mtunda dzuwa likuswa mtengo.

Ndinawafunsa ngati patapata amawavuka poyenda osadziwa. Anaseka n'kunena kuti ana awo amawaseka nazo zimenezo, anafikapo pakhomo ndi patapata mmodzi. Ndinafunsa za usiku, anati mapazi amayaka moto ndi kuchita ngati mukuyenda nyerere, ndipo amadzuka kangapo kukataya madzi. Ludzu ankaliona ngati la nyengo yotentha, ndipo kuonda ankati ndi mavuto a pakhomo.

Pali kayezedwe kosafuna chipangizo chilichonse kamene madokotala a ku chipatala cha ku Ipswich, ku England, anakafalitsa mu 2011, ndipo aliyense angathe kukachita kunyumba. Woyezedwayo avule nsapato, agone kapena atambasule miyendo, atsinzine. Woyezayo akhudze nsonga ya chala chachikulu cha kuphazi, chala chapakati, ndi chala chaching'ono, pa phazi lililonse, zonse pamodzi zala 6. Akhudze ndi nsonga ya chala chake cholozera, mopepuka kwambiri, kwa sekondi imodzi kapena awiri, osasindikiza, osakanda, osagogoda, ndipo chala chilichonse kamodzi kokha. Woyezedwayo azinena kuti "eya" akamva kukhudzako. Akaphonya zala ziwiri kapena kuposerapo, mitsempha yomvera ya kuphazi yawonongeka. Cholakwika chimene anthu amachita ndi kubwereza mwamphamvu poona kuti mayi awo sanayankhe, kenako n'kunena kuti amva. Kusayankha koyambako ndiye yankho. Kuchipatala timagwiritsanso ntchito kaulusi ka pulasitiki kamene kamapindika kakakanikiza ndi mphamvu ya magalamu 10, koma chala chimapereka chithunzi chofanana ndithu.

Mayi aja anamva zala ziwiri zokha pa zisanu ndi chimodzi. Titawabaya chala kuyeza shuga, makina anaonetsa kupitirira 300. Pa makina owerenga mamiligalamu pa desilita, amene ndi ofala kuno, munthu amene ali ndi zizindikiro ngati zawozo akapezeka ndi 200 kapena kuposa pa nthawi iliyonse ya tsiku, ndiye kuti ali ndi matenda a shuga. Akayezedwa m'mawa asanadye kanthu, malire ndi 126. Makina ena amawerenga mamilimolo pa lita, ndipo pamenepo manambala omwewa ndi 11.1 ndi 7.0. Mayiwa anali asanayezetsepo shuga chibadwire, ndipo kuti mitsempha ifike pamenepo, matendawo anali atakhala m'thupi zaka ndithu.

Shuga akakhala wokwera kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha, kuyambira ija yaitali kwambiri imene imathera ku zala za kuphazi. Mwa mitsempha imeneyi muli ina imene imalamula thukuta. Ikafa, phazi limasiya kutuluka thukuta, ndipo paja tanena kuti kuphazi kulibe mafuta achilengedwe, ndiye limauma kotheratu n'kung'ambika. Ina ndi yomvera ululu. Ikafa, munthu amaponda pa mng'alu tsiku lonse osatsimphina, osaupumitsa, osauyang'ana n'komwe. Pamwamba pa izo, shuga wokwera amafooketsa chitetezo cha thupi, ndipo kwa ena mitsempha ya magazi ya m'miyendo imaning'a, magazi osafika mokwanira kuti chilonda chipole. Miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga inayamba ndi kanthu kakang'ono chonchi, mng'alu, thuza la nsapato yothina, kapena kupsa ndi mbaula.

Mwayi wa mayiwa unali wakuti magazi ankayenda bwino. Phazi linali lofunda, ndipo kugunda kwa mtsempha kunkamveka pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo wa mkati. Mng'aluwo sunafike pa fupa. Adokotala anasenga khungu lolimba la m'mbali, tinatsuka ndi kumanga, anapatsidwa mankhwala opha tizilombo ndi mapiritsi a metifomini oyambira pa mlingo wochepa, komanso jakisoni wa kafumbata poti sankakumbuka kuti anabayitsa liti. Chovuta chinali kuwauza kuti chidendenecho chisaponde pansi.

"Nanga anesi, ndikakhala pakhomo ana adya chiyani?"

Funso limeneli lilibe yankho la m'buku. Tinagwirizana kuti mwana wawo wamkazi ndiye azipita kokapikula m'mawa, iwo azigulitsa atakhala pa mpando mwendo uli pa kreti, ndipo agule nsapato zotseka zokulirapo kuti bandeji ikwanemo. Chilondacho chinatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti chitsekeke. Kumva kwa zala sikunabwerere, ndipo ndinawauza poyera kuti nthawi zambiri sikubwerera. Kutsitsa shuga kumathandiza kuti kuwonongekako kusapitirire msanga.

Kwa munthu ngati ameneyu ndondomeko ija ya madzulo imasintha. Kuviika mapazi nthawi yaitali ayi, angosambitsa ndi kupukuta, chifukwa khungu lofooka ndi madzi limalowetsa tizilombo msanga. Kutentha kwa madzi ayeze ndi chigongono kapena amuyezere wina, popeza phazi silingamuuze kuti likupsa. Mwala, ngati n'kofunika, ukhale wopepuka kwambiri ndipo usayandikire chilonda. Mankhwala osungunula khungu okhala ndi salisiliki asidi, kuphatikizapo timapulasitala tochotsera khungu lolimba, asawagwiritse ntchito, chifukwa amatha kudya mpaka mnofu iye osamva. Yureya wa 10 peresenti kapena kuposerapo pang'ono, ndi vaselini, tsiku lililonse osati m'chilimwe mokha. Asayende wopanda nsapato ngakhale m'nyumba, asanavale apise dzanja m'nsapato kuona ngati mulibe kamwala kapena msomali, ndipo mu Juni asawothe mapazi pa moto. Koposa zonse, maso alowe m'malo mwa ululu umene unatha uja. Madzulo aliwonse ayang'ane kunsi kwa mapazi onse ndi pakati pa zala, ndi galasi loika pansi ngati msana sulola, kapena amuonere mwana.

Shuga si yekha amene amapha mitsempha ya kuphazi. Khate likadalipo m'dziko muno ngakhale ambiri amaganiza kuti linatha, ndipo limaumitsa ndi kuchititsa dzanzi kunsi kwa phazi mwa njira yomweyi. Chizindikiro chake china ndi mawanga otuwirako pakhungu amene samva kukhudza. Mankhwala ake ndi aulere, a miyezi 6 kapena 12, ndipo munthu akayamba msanga sapunduka. Mowa wa zaka zambiri umawononganso mitsempha. Mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa aisoniyazidi amatha kuyambitsa dzanzi ndi kutentha kwa mapazi, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi kapiritsi ka vitamini B6 kamene ena amakanyozera poganiza kuti n'kongowonjezera. Amene akumwa mankhwala otere akamva mapazi akusintha asasiye okha, akanene kumene amalandirira.

Pali mtundu winanso wa phazi umene umandidetsa nkhawa, ndipo uwu umapweteka. Phazi lozizira, khungu lopyapyala lonyezimira, ubweya wa pa zala utathothoka, ndipo munthu akayenda kamtunda katumba amagwira mpaka ayime kaye, kenako ululu n'kutha. Usiku ena amachita kulendeweretsa mwendo pa bedi kuti apezeko bwino. Amenewo ndi magazi osafika, ndipo zimakonda anthu osuta fodya, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Mng'alu wa pa phazi lotere supola ndi mafuta aliwonse, ndipo kuusenga n'koopsa.

Kaya muli ndi matenda odziwika kapena ayi, pali zizindikiro zosayenera kugona nazo: kufiira kapena kuda kumene kukufalikira kuchoka pa mng'alu, kutupa ndi kutentha kwa phazi, mafinya kapena fungo, mwanabere m'mphechepeche, kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena malo amene ayamba kuda bii. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho yerekezani ndi phazi linalo pogwira ndi kuseri kwa dzanja, lotenthalo mulimva. Kwa munthu wa shuga sindidikira n'komwe zizindikiro zimenezi. Mng'alu uliwonse umene watseguka mpaka kuonetsa kufiira mkati uonedwe ndi wachipatala pasanathe tsiku limodzi kapena awiri.

Pa kiliniki ya shuga mzere umakhala wautali, ndipo n'zosavuta kuti munthu ayezedwe magazi, alandire mapiritsi, n'kubwerera kwawo mapazi ali m'nsapato. Mapazi a wodwala shuga ayenera kuyezedwa kumva kwake ndi kayendedwe ka magazi kamodzi pa chaka, ndipo amene anataya kale kumva kapena anakhalapo ndi chilonda, pa miyezi ingapo iliyonse. Mukalowa m'chipinda cha adokotala, vulani nsapato ndi masokosi onse awiri musanakhale pansi, ndipo muwauze kuti akuoneni mapazi.